Wodwala Shuga Akamasanza, Asasiye Kubaya Insulini

Munthu wodwala matenda a shuga akayamba kusanza ndi kulephera kudya, omusamalira ambiri amamuletsa kubaya insulini poganiza kuti wopanda chakudya m'mimba safunikira mankhwala. Maganizo amenewa akhoza kutayitsa moyo.

Thupi likamalimbana ndi matenda monga malungo, chiwindi chimatulutsira shuga wambiri m'magazi ngakhale munthu asanadye kanthu. Insulini ikasowa, thupi limayamba kuphwanya mafuta, ndipo zimenezi zimadzetsa asidi wotchedwa makitoni, amene akachuluka amakomola munthu. N'chifukwa chake insulini yogwira ntchito nthawi yaitali siyenera kusiyidwa. Mlingo wake ukhoza kusinthidwa, koma motsatira malangizo amene achipatala anapereka.

Mwachitsanzo, mayi amene amabaya insulini wadzuka akusanza, ndipo nsima ikumukana. Choyamba ayeze shuga, ndipo azibwereza kuyezako pakatha maola 2 mpaka 4 alionse, ngakhale usiku. Ngati kachipangizo kasonyeza 14 mmol/L, shuga ndi wokwera, choncho abaye insulini yake ndi kumamwa madzi opanda shuga. Azimwa pang'onopang'ono, masupuni awiri pa mphindi zochepa zilizonse, kufikira atamaliza kapu imodzi pa ola, popeza kugugudiza kumabwezeretsa kusanza. Thanzi ORS, paketi imodzi mu lita imodzi ya madzi aukhondo, imabwezeretsa mchere wotayika, koma shuga wake ndi wochepa moti singalowe m'malo mwa chakudya.

Shuga akatsika kufika cha m'ma 6 mmol/L mayiyo asanadyebe, ayambe kumwa tiyi wothira shuga, thobwa kapena phala lamadzimadzi. Akatsika kupitirira 4 mmol/L, kapena mayiyo akayamba kunjenjemera ndi kutuluka thukuta, amwe msanga madzi osungunuliramo masupuni aang'ono atatu kapena anayi a shuga, ndipo ayezenso pakatha mphindi 15. Munthu wokomoka asamwetsedwe kanthu, chifukwa akhoza kutsamwa.

Kwa omwa mapiritsi lamulo ndi losiyana. Metifomini aimitsidwe kufikira munthu atayambiranso kudya ndi kumwa bwino, chifukwa thupi likauma impso zimalephera kumuchotsa m'magazi. Gilibenikilamaidi nayenso akhoza kutsitsa shuga mopitirira muyeso mwa munthu amene sakudya, choncho achipatala afunsidwe tsiku lomwelo.

Pali zizindikiro zosafunika kudikira kuti kunja kuche: kusanza chilichonse chimene wamwa kwa maola oposa awiri, shuga wosatsika pansi pa 15 mmol/L, kupweteka kwa m'mimba, kupuma mozama ndi mofulumira, mpweya wonunkhira ngati zipatso, kuodzera kapena kusokonezeka mutu. Wodwala wotere athamangire naye kuchipatala, atatenga buku lake lachipatala ndi mankhwala onse. Amene alibe kachipangizo koyezera shuga, komanso ana ndi amayi oyembekezera, apite kuchipatala kusanza kukangoyamba.