Kamzere ka katoni kokagulira nsapato za kusukulu

Lolemba lililonse pa asembule ndimaima kumbuyo kwa mizere, ndipo chomwe ndimaona kwambiri ndi zidendene za ana. Mu Sepitembala, sukulu ikangotsegulira, nsapato zambiri zimakhala zokhwepa, mwana akamayenda chidendene chikutuluka ndi kulowa ngati wavala patapata. Pofika Meyi, ana ena omwe aja amakhala ataponda kumbuyo kwa nsapato n'kuisandutsa silipasi chifukwa yayamba kuthina. Makolo anzanga, mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: tinagula nambala osayeza phazi. Phunziro la lero likufuna katoni, pensulo, rula ndi sizasi basi.

Tiyambe ndi kakulidwe ka phazi. Mwana wa zaka zapakati pa 6 ndi 10 phazi lake limatalika ndi pafupifupi sentimita imodzi pachaka, kapena kuchepera pang'ono. Pamwamba pa apo, zala zimafuna malo ake, chifukwa munthu akaponda n'kunyamula chidendene, phazi limatsetserekera kutsogolo ndipo zala zimatambasuka. Akatswiri a mapazi a ana amati nsapato yatsopano izisiya mpata wa mamilimita 12 mpaka 17 kutsogolo kwa chala chachitali. Ife amene tikufuna kuti nsapato ya mu Sepitembala ikafike pa mayeso a mu Julayi tizitengera chakumtunda, pa 15 mpaka 17. Kupitirira apo ndiye mwagula bwato. Nsapato imakhala ndi malo amodzi opindikira, ndipo malowo ayenera kugwirizana ndi pomwe zala za mwana zimapindikira. Ikatalika kwambiri, mkwinya wa chikopa umagwera pamwamba pa zala n'kumazikhula, ndipo mwanayo amapinda zala tsiku lonse pofuna kuigwira kuti isavuke. Madzulo akamadandaula kuti miyendo ikuwawa, timaganiza za ulesi.

Chaka chatha chemwali anga ananditumizira mnyamata wawo wa zaka 10, wa Sitandade 5, ndi uthenga wakuti malume aone za nsapato. Iwo anali atanena kale nambala: chaka chapitacho anavala 33, ndiye tigule 36 kuti akulire momwemo. Ndinamuimika pa katoni cha m'ma 4 koloko madzulo, atavala masokosi a kusukulu. Nthawiyo ndinaisankha dala, popeza phazi limatupako pang'ono likayenda tsiku lonse, ndipo nsapato yoyesa m'mawa imathina pobwera kusukulu. Mwana aime chilili, thupi lonse litsamire mapazi onse awiri. Phazi la munthu wokhala pansi ndi lalifupi kuposa la munthu woimirira. Pojambula, pensulo iimirire njo, isapendekere kunsi kwa phazi, apo ayi mumadya mamilimita angapo osadziwa.

Phazi lamanzere linakwana masentimita 21.2 kuchokera kuchidendene kufika kunsonga ya chala chachitali, lamanja 21.6. Kusiyana kotere si chilema, anthu ambiri tili choncho, ndipo timagulira phazi lalikulu. Onaninso kuti ndati chala chachitali, osati chachikulu: ana ena chala chachiwiri ndicho chimatsogola. Pa 21.6 ndinawonjezera 1.6, zonse pamodzi 23.2. Kenako ndinadula kamzere ka katoni kotalika masentimita 23.2, m'lifupi ngati zala ziwiri, n'kukaika m'thumba la malaya.

Kamzere kameneka ndiko kamakagula nsapato. Nambala imangokuuzani mulu woyambira kufufuza. Nambala za ku Ulaya, zija za 33, 34, 35, zimasiyana ndi magawo awiri mwa atatu a sentimita, choncho mukachulukitsa masentimita anu ndi 1.5 mumapeza nambala yoyandikira: 23.2 kuchulukitsa ndi 1.5 ndi 34.8, ndiye kuti 35. Nambala za ku Britain, zomwe timazipeza pa nsapato zambiri za m'sitolo, zimalumpha mamilimita pafupifupi 8 ndi theka, ndipo za ana zikafika pa 13 zimayambiranso pa 1. Pa kaunjika pamasakanikirananso za ku America, zomwe zimawerengedwa mwina. Ndiye wogulitsa akakuuzani kuti iyi ndi 3, funso ndi lakuti 3 wa dziko liti, ndipo kawirikawiri nayenso amangowerenga zomwe zalembedwa. Nambala 36 ya chemwali anga ikanakhala masentimita 24 m'kati, mpata wa mamilimita 24 kuphazi lalikulu ndi 28 kulaling'ono. Akanakuliradi momwemo, koma nsapatoyo ikanatha kaye iye asanaikwane.

Kumsika tinapeza mapeya atatu olembedwa 35. Mu yoyamba kamzere kanapindika kukwera m'mwamba ngati uta, kusonyeza kuti m'kati ndi mwafupi. Mu yachiwiri kanagona bwinobwino, nsonga ina ikugunda kuchidendene, ina kutsogolo. Mu yachitatu kanasewera, kusiya danga lolowa chala. Nambala imodzi, nsapato zitatu zosiyana.

Mwina mukuti, aphunzitsi, ife timangodina ndi chala kutsogolo kwa nsapato. Njirayo ili ndi chinyengo. Mukadina, mwana amapinda zala mosadziwa, inu n'kumva mpata womwe kulibe. Komanso nsapato za kusukulu zimakhala zolimba kutsogolo, chala chanu sichimva kanthu. Kumufunsa mwanayo ndiye kuipiraipira. Mwana amene waona nsapato yonyezimira sanganene kuti ikuthina, akuopa kuti muisiya n'kubwerera chimanjamanja. Mphwanga uja anayamikira ngakhale peya yoyamba ija: “Malume, iyi ndiye yandikwana ndendende.” Inamukwanadi ndendende, ndipo vuto lake linali lomwelo.

Tsono apa ndi pamene ndikufuna tikhalitsepo. Ngati mwasiya mpata wa mamilimita 16 kutsogolo, n'chiyani chiletse phazi kutsetserekera mu mpatawo? Ndi zingwe. Nsapato ya mwana sigwira ku zala, imagwira pamwamba pa phazi ndi kuchidendene. Zingwe, kapena lamba wa chitsulo pa nsapato za atsikana, zimakokera phazi kumbuyo kuti chidendene chikhazikike, zala n'kumasewera momasuka kutsogolo. M'mwezi woyamba mumamanga kwambiri, phazi likamakula mumamasula pang'onopang'ono. N'chifukwa chake nsapato yongopisa phazi, yopanda zingwe kapena lamba, sindiivomereza kwa mwana amene akukula: kuti isavuke iyenera kuthina kuyambira tsiku loyamba, ndipo ilibe kokulira. Zomata zija zimathandiza ana a Sitandade 1 ndi 2 amene sanadziwe kumanga, koma zikadzadza fumbi ndi timbewu ta udzu zimaleka kugwira, mwina teremu yachiwiri isanathe.

Pomuyesa mwana, mangani zingwe mpaka bowo lomaliza ndipo onani mbali ziwiri zomwe zingwe zikudutsamo. Zikagundana, nsapatoyo ndi yotakasuka kwambiri ndipo mulibenso pokokera. Zikatalikirana kwambiri lilime lonse n'kuonekera, ndiye kuti phazi ladzaza kale. Pakhale danga ngati la chala chimodzi. Za m'lifupi ndizofunika kwambiri kwa ana athu. Mwana amene wakula akuyenda opanda nsapato amakhala ndi phazi lotambalala kutsogolo, zala zotayana, ndipo limenelo ndi phazi labwino. Nsapato yosongoka imaliphwanya ngakhale m'litali ili yokwana. Sankhani yozungulira kutsogolo. Ngati chopondapo cha m'kati chimachoka, chitulutseni mwana aimepo: kachala kakang'ono kakalendewera kunja, isiyeni. Pomaliza ayende, athamangeko, anyonyomale. Chidendene chisatuluke, ndipo mlomo wa nsapato usakhule kafupa ka m'mbali mwa kakolo.

Zolimba ndi zosalimba mumaziona ndi manja. Ipindeni: ipindike kutsogolo, pomwe zala zimayambira, osati pakati. Finyani kumbuyo kwa chidendene ndi zala ziwiri: kukafwafwanyika ngati kansalu, nsapatoyo idzagonera mbali imodzi mvula isanathe. Chikopa chenicheni mbali yake ya m'kati imakhala yaubweyaubweya, pamene chapulasitiki chimakhala ndi nsalu kumbuyo kwake, chimasweka pa mkwinya paja n'kuyamba kusupuka, ndipo polishi sachiritsa. Chimasunganso thukuta, lomwe limabweretsa fungo ndi zilonda zoyabwa pakati pa zala. Soli yongomata ndi guluu muipititse kwa wosoka nsapato isanavalidwe n'komwe, aisoke kuzungulira. Ndalama yake ndi yochepa poyerekeza ndi yokonzetsa nsapato yoyasama mu Januwale, madzi atalowa kale.

Kaunjika sindiinyoza, chifukwa nsapato yachikopa yovalidwa pang'ono imaposa yatsopano yapulasitiki. Koma iikeni pamalo osalala muiyang'ane chakumbuyo. Ikapendama, kapena soli itadyeka mbali imodzi, yatengera mayendedwe a mwini wake woyamba. Pisani dzanja m'kati mufufuze maenje a zala, misomali ndi nsalu yong'ambika kuchidendene, pomwe matuza amayambira.

Mvula ikayamba, nsapato yonyowa isaumikidwe pamoto kapena pambaula. Chikopa chimauma gwa, chimakhwinyata, guluu n'kusungunuka, ndipo mpata uja munauwerengera mosamala umachepa usiku umodzi. Chotsani matope, pakirani nyuzipepala m'kati, iume pamthunzi podutsa mphepo, kenako polishi. Za kusewera mpira wachikulunga ndi nsapato za kusukulu pa nthawi yopuma ndingonena kuti ndimaletsa, ndipo mawa lake ndimaletsanso.

Katoni ija musataye. Ine ndinalembapo tsiku, ndipo tchuthi chilichonse ndinkamuimikanso mnyamatayo pomwepo. Mu Disembala phazi lamanja linali 21.9, mu Epulo 22.2, potsekera mu Julayi 22.5. Mpata unatsika kuchoka pa mamilimita 16 kufika pa 7. Nsapato tinagula ija inafika kumapeto kwa chaka, koma Sepitembala wotsatira sikanamulola, ngakhale chikopa chinali chikadali bwino. Pakati pa miyeso imeneyi muziyang'ana phazi akangovula: zala zofiira kapena zonyezimira pamwamba, chikhadabo chakuda kapena cholowa m'mnofu, sokosi yobooka pa chala chimodzimodzi sabata ndi sabata, ndi mwana amene amavula nsapato akangotuluka pageti n'kuzinyamula m'manja.

Pali ana ena amene masamuwa sawakwanira. Phazi limayamba kukula msanga thupi lonse lisanatumphuke, kwa atsikana cha m'ma zaka 10 mpaka 12, kwa anyamata mochedwerapo, cha m'ma 12 mpaka 14. Pa msinkhu umenewu mwana atha kudya mpata wonse m'materemu awiri, ndipo palibe nsapato imene ingamukwane mu Sepitembala n'kumukwanabe mu Julayi. Mukaona kuti pa muyeso wa Disembala phazi latalika kale ndi mamilimita 6 kapena 7, dziwani kuti pofika Epulo mudzafunika ina, ndipo yambani kusunga ndalama. Kwa mwana wotere ndi bwino kugula ziwiri za mtengo wapakati, ina mu Sepitembala ina pa Pasaka, kusiyana ndi imodzi yodula ya nambala ziwiri kutsogolo. Yoyambayo ikadali yolimba, ipukuteni, muiyang'ane chakumbuyo ngati muja tinachitira pa kaunjika, ndipo muyeze mng'ono wake pa katoni ina kuti muone ngati kamzere kake kagonamo.