Kalata Yofunsa Mtengo wa Galimoto Loonongeka

Omvera athu a ku Insaca, ku Entre Lagos ndi m'mbali mwa nyanja ya Chilwa, tamvani malangizo a lero. Tiyerekeze kuti galimoto lanu lagubuduzika pa msewu wa ku Cuamba, makaniko awerengera kuti kulikonza kudya meticais 180,000, koma kampani ya inshuwalansi yati ikupatsani 95,000 basi. Musafulumire kusaina chikalata cholandirira ndalamazo, pakuti amene wasaina kuti wakhutira, kawirikawiri wadzitsekera yekha khomo la madandaulo.

Lembani kalata m'Chipwitikizi, mutchule nambala ya pangano lanu, nambala ya galimoto ndi tsiku la ngozi. Ndipo mwaulemu, popeza mawu okoma akhazika mkwiyo pansi, mupemphe kuti akutumizireni lipoti la munthu amene anayendera galimotolo, akuuzeni mtengo umene analiyesa lisanachite ngozi ndi kumene anautenga, ndiponso ndalama zimene achotsa chifukwa cha kukalamba kwa zitsulo, ndi gawo lolipira mwini, lotchedwa franquia. Pamenepa mpamene ndalama zimabisala: mwina ayesa zitsulo pa mtengo wa ku Nampula, osawerengera zonyamulira kufika nazo kuno. Ngati ati galimotolo silingakonzekenso, funsani mtengo umene aika pa chotsalacho, ndi amene adzachitenge.

Phatikizanipo mawerengero a makaniko ndi zithunzi, mupemphe yankho lolembedwa, ndipo kope lanu alidinde chidindo cha tsiku lolandirira. Akakhala chete, kope lomwelo ndilo mudzaperekere dandaulo ku bungwe la boma loyang'anira za inshuwalansi ku Maputo.