Ndudu Yapachipata Inakweza Bipi

Kalata yoyamba pa pulogalamu ya zaumoyo ya pa wailesi madzulo ena inachokera kwa bambo wina wa ku Nakoli, kuno ku Kabwe, amene ntchito yake ndi yowotcherera zitsulo. Iye anadandaula kuti Lolemba kukiliniki makina oyezera bipi anamupatsa 156/96, koma Lachinayi atayezetsa kusitolo ya mankhwala m'tauni, anapeza 134/84. "Kodi makina onama ndi ati?" anafunsa motero.

Namwino amene amayankha makalatawo anaseka kaye. Anati mwina makina onsewo ananena zoona, chifukwa amangonena za mphindi imene lamba ali pamkono. Kenako anabwerera m'kalatamo. Bamboyo analemba yekha kuti Lolemba anapita wapansi mothamanga poopa mzere, anasuta ndudu pachipata kuti mtima ukhale m'malo, ndipo anaitanidwa asanapume n'komwe.

"Bambo, ndudu imeneyo ndiyo inakuperekani," anatero. Anafotokoza kuti nikotini imachititsa thupi kutulutsa adirenalini, mitsempha imafinyika, mtima n'kuyamba kugunda mofulumira, ndipo bipi imakhala yokwera kwa mphindi pafupifupi 20 mpaka 30. Fodya wamphuno, amene amayi ambiri kuno amati nsunko, ali ndi nikotini yomweyo.

Apa namwino anachenjeza za msampha wina, ndipo wolembayu akuona kuti ndi woopsa kuposa woyambawo. Munthu amene amasuta ndudu 15 patsiku akakhala maola awiri pamzere osasuta, manambala ake amatuluka okongola, chikhalirecho tsiku lonse mitsempha yake imakhala yofinyika. Choncho 134/84 ya Lachinayi si chiphaso cha moyo wabwino. Bamboyo anauzidwa kuti aziuza womuyeza kuti amasuta, ndiponso nthawi imene wasuta komaliza.

Kalata yachiwiri inali ya mayi wogulitsa pamsika, amene anati khofi sakhudza n'komwe, koma tiyi wolimba m'mawa ndi chakumwa chopatsa mphamvu masana sizimudutsa. "Amayi, zonsezo zili ndi kafini," anayankha namwino. Kwa munthu amene ali kale ndi vuto la bipi yokwera, makapu awiri kapena atatu a khofi angakweze nambala yapamwamba ndi pafupifupi 8, yapansi ndi 6, ndipo zimatha kutenga maola atatu zisanatsike. Amene amamwa tsiku ndi tsiku thupi limazolowerako. Lamulo wamba ndi kusamwa kwa mphindi 30 musanayezedwe, koma namwinoyo anati chosavuta n'kuyezetsa m'mawa ketulo isanakhale pambaula.

Nanga mantha? Womvera wachitatu analemba kuti akangoona yunifolomu yoyera mtima umadumpha. Namwino anati madokotala amalidziwa vutoli, ndipo chizindikiro chake n'chakuti muyeso woyamba umakwera, wachiwiri ndi wachitatu n'kumatsika. N'chifukwa chake bungwe la WHO limati munthu anenedwe kuti ali ndi matenda othamanga magazi pokhapokha apezeke ndi 140/90 kapena kuposa pa masiku awiri osiyana. Kunyumba malire amatsikirako, amakhala 135/85, poti kumeneko munthu amakhala womasuka.

Kenako namwino anauza bambo wa ku Nakoli uja mmene achitire Lolemba lotsatira. Afike msanga, asasute, apite kaye kukataya madzi chifukwa chikhodzodzo chodzaza chingawonjezere 10 pa nambala yapamwamba. Akhale chete mphindi zisanu, msana utatsamira, mapazi ali pansi osapingasa miyendo. Avule jekete kuti lamba agwire khungu, ndipo mkono ugone patebulo molingana ndi mtima. Poti owotcherera zitsulo ambiri mikono ndi yodzaza, apemphe lamba wamkulu, chifukwa wothina amakweza manambala. Makina akamapopa asalankhule, ngakhale foni ilire. Ikatha mphindi imodzi ayezedwenso, ndipo alembe m'kabuku manambala onse, ya SYS ndi ya DIA, pamodzi ndi tsiku ndi ola.

Akapeza 146/92 kenako 142/90, ndiye kuti pakati pake ndi 144/91, ndipo sangaimbenso mlandu ndudu yapachipata. Ayenera kubweranso tsiku lina, ndipo zikabwereza ayambe kukambirana za mankhwala.

Nthawi itatsala pang'ono kutha, wowulutsa anafunsa ngati munthu angangonena kuti ndi mantha chabe makina akaonetsa 180/120. Namwino anakana. Anati munthuyo apume mphindi zisanu n'kuyezanso, ndipo ngati sizikutsika aonane ndi dokotala tsiku lomwelo. Koma ngati mutu ukuwawa kwambiri, maso akuchita chidima, pachifuwa pakupweteka kapena mkono wachita dzanzi, asadikirenso, apeze galimoto yomutengera kuchipatala chachikulu cha Kabwe.