Phunziro: Dzina Loyenera Kufika ku Hotela

Ambiri a ife kuno ku Vubwi timagulitsa nkhuku pamanja, ndipo wogula amangodziwa nkhope yathu. Koma hotela kapena sitolo yaikulu monga Shoprite ya ku Chipata imachita malonda ndi dzina lolembetsedwa, ndipo kawirikawiri imalipira kudzera kubanki.

Tiyerekeze kuti tasankha dzina lakuti "Nkhuku za Vubwi". Likumveka bwino, koma tikadzakumba damu n'kuyamba kugulitsa nsomba, dzinalo lidzatipana. Dzina lotchula malo ndi ulimi, osati chiweto chimodzi, limatisiyira mpata wokula. Likhalenso lalifupi, loti wogula wosadziwa Chinyanja alilembe atalimva kamodzi pafoni.

Tisanalembe chikwangwani kapena kusindikiza mapepala omata pa nkhuku, tipite nalo ku PACRA, bungwe lolembetsa mabizinesi. Kumeneko amakana dzina lofanana kwambiri ndi lolembetsedwa kale, choncho tikonzeretu maina atatu.

Likavomerezedwa, lilembedwe chimodzimodzi pa satifiketi, pa TPIN ya ku ZRA, pa akaunti ya kubanki ndi pa invoisi. Pena likasiyana, malipiro amaima, pamene anapiye kukhola akudikira chakudya.