Musataye Nambala ya Bachi Musanamalize Mankhwala

Mu Epulo 2024, bungwe loona za chakudya ndi mankhwala ku Nigeria, la NAFDAC, linalamula kuti mankhwala a chifuwa a ana a Benylin Paediatric achotsedwe pamsika. Linati litayeza linapezamo dayethilini gilayikolo wochuluka, poizoni amene amawononga impso. Koma silinaletse Benylin yense. Linatchula nambala imodzi, 329304. Posakhalitsa bungwe la SAHPRA la ku South Africa, kumene mankhwalawo anapangidwa, linaitanitsa mabachi awiri, 329303 ndi 329304, ndipo linanena kuti mabotolowo anagulitsidwa ku South Africa, Eswatini, Rwanda, Kenya, Tanzania ndi Nigeria. Dziko la Malawi silinali pa mndandandawo, komabe tonse tikudziwa mmene katundu amalowera kuno m'zikwama za abale ochokera ku Joni ndi za ageni odutsira pa Songwe.

Mayi amene anali ndi botolo lotere m'kabati ankafunika kuyankha funso limodzi: kodi langali ndi la bachi imeneyo? Amene anasunga katoni ndi chipepala cha pabotolo chili bwinobwino anayankha pa mphindi imodzi. Amene anakhuthulira mankhwala otsala m'botolo lina analibe podziwira.

Bachi ndi katundu yense amene wapangidwa ulendo umodzi, ndi zipangizo zimodzi, pa makina amodzi. Zili ngati thobwa la paukwati: ngati mbiya imodzi yasasa, zikho zonse zotungidwa m'mbiya imeneyo n'zosasa, koma za mbiya ina zili bwino. Fakitale imadinda nambala ya mbiyayo pa botolo lililonse, ndipo imalemba kuti mabotolo a nambala imeneyo anapita kwa ogulitsa ati. A famase olongosoka nawonso amalemba nambalayo polandira katundu. Unyolo umenewu umadukira pakauntala, chifukwa wogulitsa salemba dzina la aliyense wogula. Kuchoka pamenepo, amene angadziwe zimene zili m'nyumba mwanu ndi inu nokha.

Poyamba dziwani poipeza. Pa katoni kapena pa chipepala cha botolo, yang'anani pamene pali madeti. Nthawi zambiri pamakhala mizere itatu yoyandikana. Wa MFG kapena MFD ndi deti limene anapanga, wa EXP ndi deti lothera mphamvu, ndipo wachitatu umayamba ndi LOT, BN, B.No. kapena Batch No. Umenewo ndiye tikufuna. Mizere imeneyi imadindidwa pambuyo pake, choncho inki yake imaoneka yosiyana ndi zolemba zina zonse za pakatoni, mwina timadonthomadontho takuda, mwina yongodinikiza popanda inki. Pa mapiritsi a m'kapepala ka siliva nambala imadindidwa kumapeto kwenikweni, m'mphepete. Pa chubu cha mankhwala opaka ili kumchira kumene anapinda. Pa chitini cha mkaka wa mwana kapena cha nyemba, tembenuzani muone kunsi. Yongodinikizayo imavuta kuwerenga, koma mukaunika ndi tochi ya foni cham'mbali imaoneka.

Anthu ambiri amasokonezedwa ndi manambala ena awiri. Ina ndi ija ya pansi pa timizere takuda timene a pasitolo amaunika pa tilu. Imeneyo imangonena mtundu wa katundu ndi kukula kwake, ndipo ndi imodzimodzi pa mabotolo a chaka chino ndi a chaka chatha. Ina ndi nambala ya kalembera wa mankhwalawo ku boma, imenenso sisintha. Nambala imene yasindikizidwa mooneka bwino pamodzi ndi zithunzi za pakatoni kawirikawiri si ya bachi.

Mukadali pakauntala, tsegulani katoni mufananize nambala ya kunja ndi ya pabotolo. Ziyenera kufanana ndendende, madeti omwe. Zikasiyana, kapena mukaona kuti pamwamba pa deti amatapo kapepala kena, bwezani pompo.

Tsopano kusunga. Njira yachidule ndi kujambula ndi foni mbali ya katoni imene ili ndi dzina la mankhwala ndi mbali imene ili ndi nambala, tsiku lomwelo mwagula. Foni imalemba yokha deti la chithunzi. Koma mafoni amabedwa, amagwera m'madzi, ndipo ana amafufuta zithunzi kuti apeze malo a magemu, ndiye ine ndimakhulupirira kope kuposa foni. Kope la sukulu la masamba ochepa likhale pamene mumasunga mankhwala, ndipo mzere uliwonse ukhale ndi zinthu zisanu: dzina la chinthu ndi kukula kwake, nambala ya bachi, deti lothera mphamvu, kumene munagula ndi liti, ndi amene anagwiritsa ntchito. Mwachitsanzo, mayi wa botolo lija akanalemba kuti: Benylin Paediatric, 100 ml, 329304, EXP 04/2024, famase ya kumsika, wamwa wamng'ono. Ngati ndi mankhwala a mwana, ndi bwinonso kulemba nambalayo pakapepala n'kukaika m'buku lake la kuchipatala, chifukwa bukulo ndi limene simuliiwala mwana akadwala usiku.

Pokopera samalani zilembo zofanana. Ziro ndi O, 1 ndi I, 8 ndi B, zimapusitsa maso. Musasiye chilembo cha kutsogolo kapena cha kumapeto poganiza kuti chilibe ntchito. Mwaona kuti 329303 ndi 329304 zimasiyana ndi nambala imodzi yokha yakumapeto, ndipo bachi yoyandikana nazo ikhoza kukhala yabwinobwino.

Musadalire risiti. Mabotolo a Benylin aja anapangidwa mu Meyi 2021, ndipo anaitanitsidwa pafupifupi zaka zitatu pambuyo pake, m'mwezi womwe ankathera mphamvu. Risiti ya pa tilu ikakhala miyezi ingapo m'chikwama imasanduka kapepala koyera, ndiponso nthawi zambiri silemba bachi. Pachifukwa chomwechi musafufute mzere wa m'kope botolo likangotha. Chilengezo chikhoza kubwera mwana atamwa kale onse, ndipo adokotala adzafuna kudziwa ngati anamwa a bachi imeneyo.

Sikuti mulembe chilichonse cholowa m'nyumba; mungatope sabata yoyamba n'kusiya. Lembani mankhwala onse, makamaka amadzi a ana, mkaka ndi phala la m'chitini la khanda, chiponde cha m'botolo, zakudya za m'zitini zimene mumasunga nthawi yaitali, ndi mankhwala ophera tizilombo, monga othira m'chimanga kuti chisafumbwe.

Pamene nambala imatayika kwambiri m'makomo mwathu ndi pokhuthula. Timagula mkaka wa m'paketi, kuthira m'chitini chakale, paketi n'kuyatsira mbaula. Chitinicho chili ndi nambala ya mkaka wa miyezi itatu yapitayo, ndipo tsiku la chilengezo mudzawerenga nambala yabodza n'kukhazika mtima pansi, kapena kutaya mkaka wabwino. Ngati mukukhuthula ndithu, dulani ndi sizasi pamene pali nambala ndi madeti, mumate ndi selotepi pa chivindikiro, ndipo chotsani kapepala kakale. Musathire zatsopano pamwamba pa zotsalira. Malizani zakale, tsukani, umitsani, kenako thirani zatsopano, chifukwa mukasakaniza mabachi awiri, imodzi ikaletsedwa mwataya zonse. Mapiritsi a m'kapepala ka siliva yambani kuboola kumbali yopanda nambala kuti nambalayo itsale mpaka piritsi lomaliza. Pagolosale akamakudulirani mapiritsi awiri, pemphani kuona kapepala kathunthu asanadule. Kuchipatala akakupatsani mapiritsi m'kajumbo kolembedwa dzina ndi kamwedwe kokha, palibe cholakwa kufunsa mwaulemu kuti, "Adokotala, mungandilembereko nambala ya bachi pamenepa?" Pa mzere wautali mwina sizitheka, zikatero lembani deti ndi dzina la chipatala, poti iwo ali ndi mabuku awo a katundu. Mankhwala a tizilombo okha ndiye musakhuthule n'komwe. Akhale m'botolo lawo lomwelo, kutali ndi chakudya ndi ana.

Tsiku limene mwamva chilengezo, yambani mwaona kuti chachokera kuti ndipo n'cha liti. Mauthenga a pa WhatsApp amazungulira zaka, ndipo ambiri amafika atadulidwa nambala. Kuno kwathu za mankhwala amalengeza a PMRA, za chakudya ndi katundu wina a Malawi Bureau of Standards kapena a CFTC, ndipo a famase yapafupi angakuuzeni ngati uthenga ndi woona. Kenako fananizani zinthu zinayi pamodzi: dzina, kukula, nambala, deti. Nthawi zina chilengezo sichitchula bachi koma nyengo. Mu Julayi 2021 kampani ya Tiger Brands inaitanitsa zitini pafupifupi 20 miliyoni za ndiwo za KOO ndi Hugo's chifukwa cha msoko wam'mbali mwa chitini umene unkatha kudontha, ndipo inatchula zopangidwa kuyambira pa 1 Meyi 2019 kufika pa 5 Meyi 2021. Pamenepo chowerenga chinali deti lopangira, osati lothera.

Zikafanana, lekani kugwiritsa ntchito, ikani botololo m'jumbo, mangani, lembanipo kuti "osamwa", ndipo liikeni pamene mwana safika. Musakhuthulire m'chimbudzi kapena kudzala, ndipo musalawe kuti muone ngati lili bwino, poti dayethilini gilayikolo amatsekemera ndipo lilime silingamuzindikire. Bwezani kumene munagula. Kumbukiraninso amene munagawirako, monga mlamu amene anabwereka botolo mwana wake atatsokomola. Ngati mwana anamwa ndipo akusanza, akutsegula m'mimba, akumva m'mimba kupweteka, akuoneka wobalalika, makamaka ngati wachepetsa kapena wasiya kukodza, thamangirani kuchipatala mutanyamula botolo ndi kope. Ku Gambia mu 2022 ana pafupifupi 70 anamwalira ndi vuto la impso atamwa mankhwala a chifuwa okhala ndi poizoni wa mtundu umenewu. Mankhwala akumwa tsiku ndi tsiku, monga ma ARV, a TB, a kuthamanga kwa magazi, a shuga ndi a khunyu, ndi nkhani ina: musangosiya nokha n'kukhala. Pitani tsiku lomwelo akakusinthireni.

Nambala ili ndi malire ake. Opanga mankhwala abodza amatha kukopera nambala yeniyeni, ndipo chilengezo chimatha kukulitsidwa patapita masiku, monga zinachitikira pamene 329303 inawonjezedwa, choncho mukapeza kuti yanu palibe, yang'ananinso sabata yotsatira. Komanso kuitanitsa katundu sikutanthauza kuti mlandu watsimikizika. A SAHPRA atayeza mabachi awiri aja analengeza kuti sanapezemo poizoniyo. Amene anasiya kumwetsa mwana anangotaya mtengo wa botolo limodzi. Ndipo mafuta oyezera m'machubu, ufa wa pa mulu ndi chiponde chopanda chizindikiro zilibe nambala iliyonse. Pa zimenezi lembani deti ndi benchi imene munagulapo, ndipo gulani zochepa zoti zithe musanagule zina.