Botolo la pa chithunzi chachiwiri

Zithunzi zinafika zisanu, madzulo a Lolemba pakati pa Januwale, mlangizi wa zaulimi atangotsika pa njinga yamoto kuchokera kumidzi. Zinachokera kwa mlimi wina wachikulire wa m'dera lake, kudzera pa WhatsApp ya mwana wake, ndipo panalibe mawu ngakhale amodzi. Choyamba chinali tsamba la chimanga lobooka. Chachiwiri chinali botolo la mankhwala, pepala lake litang'ambika mbali imodzi. Chachitatu chinali sipuleya yoberekera kumsana itatsamira khoma. Chachinayi chinali munda wojambulidwa chapatali, mizere ina ikuoneka yachikasu, ndipo chomaliza chinali phesi limodzi lojambulidwa pafupi, masamba a kunsonga atayezuka.

Mlangiziyu sanali waulesi kapena wosadziwa ntchito. Chiyambire pamene mbozi zachilendo zija zinalowa m'dziko muno, mpaka boma kulengeza mu Disembala 2017 kuti maboma 20 ali pa ngozi, mlangiziyu ankalandira zithunzi za masamba obooka pafupifupi tsiku ndi tsiku m'nyengo ya dzinja. Diso lake linazolowera. Ataona tsamba, botolo ndi sipuleya, mutu wake unalumikiza zokhazo: mbozi zagwa, mankhwala agula, chopopera chilipo, akungofuna chilolezo. Zithunzi ziwiri zomalizazo sanazitsegule n'komwe, anangoziona zili zazing'ono. Analemba kuti: "Ndi mbozi zimenezo bambo. Poperani mankhwalawo mawa madzulo, muzilunjika kunsonga."

Mlimiyo ankafunsa zina. Sabata yapitayo anali ataziona kale mbozizo, nagula mankhwala oyenera, nabwereka sipuleya kwa mnansi wake, napopera munda wonse. Mbozi zinafa, koma patapita masiku asanu mizere ya kumayambiriro kwa munda inayamba kuyezuka. Atasuzumira m'thumba limene sipuleya inabweramo anapeza botolo lina lomwe linali ndi mankhwala otsala, ndipo sanadziwe kuti ndi a chiyani. Funso lake linali lakuti: chimanga changa chatani, nanga botololi likukhudzana nazo? Kwa iye zithunzi zisanuzo zinkanena zonsezi momveka, chifukwa nkhaniyo anali nayo m'mutu. Mwana wake atamuwerengera yankho, anamva kuti Alangizi aona botolo ndipo avomereza. Lachiwiri madzulo anasungunula zotsalazo m'sipuleya ya malita 16, napopera mpaka zinatha.

M'botolomo munali mankhwala opha udzu. Mlangizi atakulitsa chithunzicho pambuyo pake, pa mbali yotsala ya pepala pankawerengeka zilembo zakumapeto za dzina lakuti Glyphosate. Mankhwala amenewa sasankha: chimanga nachonso ndi mtundu wa udzu, ndipo akalowa m'masamba amayenda mpaka kumizu. Palibe china chomwe mungapopere kuti muwabweze.

Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti yankho lolondola linali m'zithunzi momwemo. Sipankafunika ukatswiri woposa umene mlangiziyo anali nawo kale. Pankafunika kutsegula zonse zisanu, chimodzichimodzi, ndi kudzifunsa kaye kuti zikukhudzana bwanji, asanafunse kuti vuto n'chiyani.

Taonani chithunzi choyamba ndi chomaliza. Pa choyamba chimanga chinali chachifupi, chosafika m'mawondo, dothi lili louma. Pa chomaliza chinali chitapitirira mawondo, dothi lili lonyowa. Chimanga sichikula chotero tsiku limodzi, choncho zithunzi ziwirizi sizinajambulidwe nthawi imodzi. Apa pali msampha umene ambiri sauganizira: nthawi imene imaoneka pansi pa chithunzi pa WhatsApp ndi nthawi yotumizira, osati yojambulira. Zithunzi zisanu zikhoza kulembedwa 18:42 zonse, pamene china chinajambulidwa lero, china sabata yatha. Ndiponso zimafika motsatira mmene wotumiza anazidinira posankha, osati mmene zinthu zinachitikira. Chithunzi chikatumizidwa mwa nthawi zonse, WhatsApp imachichepetsa ndi kufufuta zobisika zimene kamera imalemba, monga tsiku ndi ola. Zimenezi zimatsala pokhapokha chikatumizidwa ngati Document. Mlimi wa kumudzi sachita zimenezo, ndipo sitingamuyembekezere kutero. Wolandira ayenera kuwerenga nthawi pa zinthu zooneka: msinkhu wa mbewu, kunyowa kwa dothi, kumene mthunzi wagwera.

Mukangozindikira kuti chithunzi china ndi chakale, china chatsopano, nkhani yonse imatembenuka. Sizikhalanso zithunzi za vuto limodzi lojambulidwa mbali zosiyanasiyana. Zimakhala za "poyamba zinali chonchi, tsopano zili chonchi," ndipo botolo ndi sipuleya zili pakati pa nthawi ziwirizo. Chinthu chimene chili pakati pa kale ndi tsopano nthawi zambiri sichikhala mankhwala oti agwiritsidwe ntchito. Chimakhala chimene akuchikayikira.

Chithunzi chomaliza chinkatsutsanso za mbozi. Mbozi zikakhala zamoyo m'chimanga, mu nsonga mumakhala ndowe zake zonyowa zooneka ngati utuchi, ndipo masamba atsopano amatuluka ali odyedwa. Nsonga ya phesi lija inali yoyera bwino, yopanda bowo latsopano. Masamba ake anali athunthu koma oyezuka, kuyambira kumene amatulukira. Sikunalinso kusowa kwa fetereza wobereketsa, chifukwa chimanga chikasowa chakudya cha mu yureya amayamba kuchita chikasu ndi masamba a pansi, kuchokera kumapeto kwa tsamba kutsata mtsempha wa pakati, pamene a kunsonga amakhala obiriwirabe. Apa zinali zosemphana: a pansi obiriwira, a pamwamba oyezuka. Umu ndi mmene mankhwala opha udzu a mtundu uja amayambira kuonekera, ndipo amatenga masiku angapo, nthawi zina kupitirira sabata, asanaonekere bwino.

Koma chithunzi chimene chinkalankhula kwambiri ndi chachinayi, cha munda wa chapatali, chimene pa foni chinkaoneka ngati chosathandiza. Chikasu chinali chochuluka pa mizere yoyambirira, n'kumachepa, mpaka kutheratu chapakati pa munda, ndipo malire ake ankatsata mzere mowongoka. Tizilombo ndi matenda kawirikawiri siziyenda motsata mizere; zimagwa mwa apo ndi apo. Chimene chimatsata mzere ndi munthu woyenda ndi chida. Sipuleya yobwereka ija inali isanatsukidwe mnansi atapopera udzu. Tanki yoyamba ndi imene inatenga zotsalira zambiri, yachiwiri pang'ono, ndipo pofika yachitatu inali itatsukika yokha. N'chifukwa chake mlimi anajambula sipuleya. Munthu sajambula sipuleya pofuna kuonetsa kuti ali nayo.

Ndiye lamulo langa ndi ili, ndipo ndimaliumirira: chithunzi chilichonse pa gululo chiyenera kupeza malo m'kamvedwe kanu. Wotumiza wawononga bandulo yake pa chithunzi chilichonse, choncho chilichonse anachisankha ndi cholinga. Ngati nkhani imene mwapanga m'mutu ikukwanira zithunzi zitatu n'kusiya ziwiri panja, simunamve. Zotsalazo si zowonjezera. Kawirikawiri ndi zimene zanyamula funso lenileni. N'zoona kuti nthawi zina chimodzi chimalowa mwangozi, chala chitadina molakwika, kapena chimakhala chochokera kwa munthu wina, ndipo chotero chimabwera ndi chizindikiro cha Forwarded pamwamba pake. Komabe chimenecho n'choti mufunse, osati kungoganizira.

Ena anganene kuti mlimi ndiye analakwa posalemba. Sindikuvomereza. Anthu amatumiza zithunzi zopanda mawu pa zifukwa zomveka: wina kulemba kumamuvuta, wina foni si yake, wina anajambula uthenga wa mawu koma unakanirira netiweki itathawa, wina amaona kuti kwa munthu wophunzira chithunzi n'chokwanira. Amene ali ndi udindo wowerenga mosamala ndi amene mawu ake akakhala lamulo kumunda. Mlimi wachikulire sabwezera Alangizi funso lakuti "mukunena mankhwala ati?" Ulemu umene amapereka ndi womwewo umene umachititsa yankho lachangu kukhala loopsa.

Yankho labwino silikanatenga nthawi yaitali. Likanayamba ndi kuimitsa chimene sichingabwezedwe: "Musapopere kanthu kaye, bambo." Kenako likananena zimene mlangizi waona, kuti ngati walakwa akonzedwe: "Ndaona tsamba lodyedwa ndi mbozi, koma likuoneka lakale. Ndaonanso mizere yachikasu." Pomaliza funso limodzi, losavuta kuyankha: "Botololi mwapopera kale, kapena mukufuna kupopera? Mundijambulire pepala lake lonse, kutsogolo ndi kumbuyo." Mafunso asanu pa kamodzi amasokoneza, ndipo munthu amangoyankha lomaliza. Pa WhatsApp mungathenso kudina chithunzi chimodzi mosachotsa chala n'kuyankha chomwecho, kuti zidziwike kuti mukunena chiti. Ndipo pa nkhani ya mankhwala, kaya a mbewu, a ziweto kapena a anthu, mawu akuti "mankhwalawo" ndi oopsa. Tchulani dzina lake ndi mlingo wake. Mlangizi uja akanayesa kulemba dzina, akanakakamizika kukulitsa chithunzi cha botolo, ndipo akanaona.

Anafika kumundako Lachinayi, mwana wa mlimi atamuimbira kuti chimanga chayamba kufota. Mizere imene inangokhudzidwa ndi zotsalira za m'sipuleya inali ndi mwayi: ina inapinimbira, ina inadzaphukanso masamba obiriwira n'kubereka tizitsononkho. Koma chigawo chimene anapopera Lachiwiri chinauma chonse pasanathe masabata atatu, pamodzi ndi maungu amene anabzala m'mphepete. Fetereza wokulitsa amene anathira pamenepo anapita pachabe.

"Ndinaona ngati mwaliona botololo, Alangizi," anatero bamboyo, osakweza mawu.

Kubzalanso chimanga kumapeto kwa Januwale kunali kuchedwa. Mwayi unalipo ndi wakuti mankhwala a mtundu uja akafika pa dothi amamatirira ndipo salepheretsa mbewu yatsopano kumera, choncho mlangizi anawapezera mbewu ya mbatata, nabzala pa mizere yomweyo. Sipuleya anaitsuka ndi madzi a sopo, kenako katatu ndi madzi oyera, nthawi iliyonse akupopa kuti madziwo adutse m'paipi ndi pa kamwa pake, kutali ndi chitsime. Botolo analiboola pansi kuti wina asadzatungire madzi, ndipo mnansi uja anamupempha kuti sipuleya yake ailembe ndi penti kuti ndi ya udzu.