Ndakonza ntchito ya mwana wa mlongo wanga, tsopano sakundilankhula

Azakhali,

Ndine mphunzitsi wopuma pantchito, ndimakhala kwa Kaphuka ku Dedza. Mwana wa mlongo wanga anapatsidwa ganyu ndi bungwe lina yomasulira m'Chichewa kapepala kophunzitsa amayi za kutsekula m'mimba kwa ana. Anandibweretsera kuti ndikaone. Ndinatenga cholembera chofiira n'kukonza pafupifupi mzere uliwonse, mapeto ake ndinangolembanso kapepala konse. Chichokereni pakhomo panga sayankha foni. Amayi ake akuti analira, akuti atsibweni amuyesa mbuli. Kodi ndikanangosiya zolakwikazo?

Mphunzitsi wopuma, Kaphuka

Aphunzitsi,

Ayi, simukanasiya. Kapepala ka zaumoyo kakalakwika, wovutika ndi mwana wodwala. Koma mwanayo anakupemphani kuti muone ntchito yake, inu mwamubwezera ntchito yanu. Wopalira m'munda mwa mnzake amachotsa udzu, sazula chimanga kuti abzalemo mtundu umene iye amaukonda.

Ndawerenga mapepala onse atatu amene munanditumizira, la Chingerezi, lake ndi lanu. Cholakwika chenicheni ndapezamo chimodzi, ndipo ndi chachikulu. Chingerezi chikunena kuti paketi imodzi ya Thanzi isungunulidwe m'lita imodzi ya madzi aukhondo, ndipo otsala atayidwe pakatha maola 24. Iye analemba kuti "mum'mwetse mwana pakatha maola 24." Mayi wotsatira mawu amenewa adikira tsiku lathunthu mwana akutha madzi m'thupi, kenako am'patsa madzi amene anayenera kutayidwa. Apa munakonza bwino. Chondidandaulitsa n'chakuti cholakwika ichi chamira pakati pa mizere yofiira yambirimbiri, moti mwanayo sangadziwe kuti choopsa n'chiti.

Taonani zina zimene munasintha. Iye analemba "kutsegula m'mimba," inu mwaika "kutsekula m'mimba." Analemba "dokotala," inu "dotolo." Analemba "msanga," inu "mwachangu." Mayi wa ku Linthipe amva zonsezi chimodzimodzi. Pamenepa mwangoikapo kalankhulidwe kanu. Ndipo pena mwaonongako: iye anati "lita imodzi," inu mwati "botolo limodzi" poganiza kuti ndiye Chichewa chomveka. Botolo lake liti? Lilipo la theka la lita, lilipo la malita awiri. Madzi akachepa mchere umachuluka ndipo ungamupweteke mwana, madzi akachuluka mankhwalawo amasukuluka.

Ulendo wina mudzachite chonchi. Yambani mwawerenga Chichewacho chokha, mokweza, pepala la Chingerezi mutalivundikira. Pamene lilime lapunthwa ikanipo kadontho ka pensulo, musakonze kanthu. Kenako ikani mapepala awiriwo pambalipambali, muyende chiganizo ndi chiganizo. Maso anu akhale pa manambala, miyezo, nthawi, mawu okaniza monga "musa-" ndi "osa-", komanso chiganizo chimene chadumphidwa, pakuti ngozi zambiri zimabisala mmenemo.

Musanakhudze liwu lililonse, dzifunseni ngati mungathe kunena chifukwa chake. "Tanthauzo lasintha" ndi chifukwa. "Pamwamba walemba kutsegula, pansi kutsekula, asankhe chimodzi" ndi chifukwa. "Kalembedwe aka kakusemphana ndi malamulo a kalembedwe ka Chichewa a 1990" ndi chifukwanso, ndipo mukakayika pa liwu, Mtanthauziramawu wa Chinyanja wa a Centre for Language Studies ku Zomba ungakuweruzeni nonse awiri. Koma ngati chifukwa chanu chili "ine ndikanalemba mwina," chotsani dzanja. Mukaona kuti njira yanu ikukomabe, ilembeni m'mphepete ngati ganizo chabe, mwini wake atenge kapena asiye.

Pa cholakwika chenicheni, musam'lembere yankho nthawi yomweyo. Lembani m'mphepete kuti, "Werenganso apa: pakatha maola 24 madziwo achitidwe chiyani?" Akachipeza yekha sadzachibwerezanso. Mumuuzenso pamene wachita bwino, motchula malo ake. Chiganizo chake chakuti "musaleke kuyamwitsa mwana ngakhale akutsegula" n'chachifupi, chomveka, ndipo chikuposa chanu chija cha mizere iwiri.

Tsono za kubanjako. Inu ndinu atsibweni, mawu anu amalemera kuposa a bwana wa kubungwe, n'chifukwa chake analira. Musadikire kuti abwere, pitani ndinu, mutatenga pepala lake loyera lopanda zofiira. Mumuuze kuti munapyola malire, mumuonetse malo amodzi aja a maola 24, akonze ndi dzanja lake. Mukatero muitane mayi mmodzi wapafupi, mwanayo amuwerengere kapepalako, kenako mum'funse mayiyo kuti afotokoze mmene angasungunulire Thanzi ndi nthawi imene angataye wotsala. Akayankha molondola, kapepalako katha, kapite kubungwe m'dzina la amene anakamasulira. Pepala lanu lija lisachoke m'nyumba mwanu.

Ndine wanu,
Azakhali